Chingerezi m'kati mwa chikalata cha Chichewa: mafunso ndi mayankho kwa omasulira

Chikalata cha Chichewa chokhachokha, chopanda ndi liwu limodzi lomwe lachingerezi, n'chosowa. Maminitsi a komiti amagwira mawu a kalata yochokera ku ofesi. Ulaliki umagwira vesi. Wofunsidwa mafunso amayamba m'Chichewa, n'kudumphira ku Chingerezi, n'kubwereranso osamva n'komwe kuti wasintha. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene omasulira amakumana nawo akapatsidwa zikalata zotere, makamaka pozipititsa ku Chingerezi.

Ndikumasulira kupita ku Chingerezi, ndiye ndapeza chiganizo chimene chili kale m'Chingerezi. Ndingochidumpha?

Musachimasulire, koma musachidumphenso. Chikopereni monga chilili, liwu ndi liwu, mpatuliro ndi mpatuliro. Musanatero dzifunseni kuti mawuwa ndi a yani. Ngati ali m'mitengero, kapena akutsatira mawu ngati "kalatayo inati" kapena "lamulo likuti", ndiye kuti ali ndi mwini wake, ndipo mwiniyo si inu, sinso amene analemba chikalatacho. Inu mwangopatsidwa kuti muwaolotse.

Vuto limabwera chifukwa dzanja la womasulira limayabwa. Mwakhala maola atatu mukusalaza Chingerezi chanu, ndiye mukafika pa chiganizo cha munthu wina chimene chikutsimphina, mtima umafuna kuchiwongola. Mukatero mwamuika munthu mawu m'kamwa. Tsiku lina wina adzaika kalata yeniyeniyo pambali pa ntchito yanu, ndipo akadzapeza kuti za m'mitengero zikusiyana, adzayamba kukayikira tsamba lililonse limene munamasulira, ngakhale amene munawagwira bwino.

Nanga ndidziwa bwanji kuti ili ndi liwu lachingerezi, ili ndi lobwereka limene linasanduka lathu?

Yang'anani ngati liwulo lavala zovala zachichewa. "Anasayina", "tikachaje", "mafomu", "adilite": onsewa atenga aphatikiri athu, akutha ndi lembo la liwu, ndipo akumvera malamulo a chiganizo chathu. Amenewa ndi Chichewa, ndipo amamasuliridwa ngati liwu lina lililonse. Kalembedwe kokha kasakupusitseni. Mlembi wina amalemba liwu lobwereka m'kalembedwe ka Chingerezi chifukwa ndi mmene analionera pa bolodi kusukulu, koma mmene akuligwiritsira ntchito ndi mwachichewa.

Msampha uli pongolibwezera liwu kwawo kumene linachokera. Mawu obwereka akakhalitsa kuno amasintha khalidwe. Mayi akati "ndikufuna mayunitsi", akunena zoimbira foni kapena za magetsi, osati miyezo. "Golosale" ndi kasitolo ka m'dera, osati zakudya zogulidwazo. "Geni" ndi kabizinesi, osati phindu lokha. Munthu akati "sanatipatse thiransipoti" pa msonkhano, kawirikawiri akudandaula za ndalama yoyendera, osati kuti galimoto silinabwere. Mukabwezera mawu amenewa ku Chingerezi chimene anabadwiramo, chiganizo chioneka chabwinobwino koma chikunena zina, ndipo wowerenga wakunja alibe podziwira kuti wasokera.

Wolemba wagwira mawu m'Chingerezi, kenako wawafotokoza m'Chichewa. Ndikamasulira zikhala zobwerezabwereza. Ndichotse chimodzi?

Funso ili ndi limene limagwetsa anthu ambiri, choncho tikhalepo pang'ono.

Tiyerekeze kuti mwapatsidwa maminitsi a komiti ya sukulu ya pulayimale, masamba 6, kuti muwapititse ku Chingerezi chifukwa bungwe limene likuthandiza kumanga buloko ya makalasi awiri likufuna kudziwa chimene chinautsa mkangano. Pa tsamba lachitatu mlembi wakopera chiganizo chimodzi cha kalata ya bungwelo, m'Chingerezi. Tanthauzo lake n'lakuti simenti ikhoza kuperekedwa anthu a m'deralo akaumba njerwa 40,000. Pansi pake mlembi walemba kuti: "Apampando anamasulira kuti tikangomaliza kuumba njerwa, simenti ibwera." Kenako pakutsatira mayina a midzi ndi masiku amene mudzi uliwonse udzakhale pa chikombole.

Mukamasulira zonse, ziganizo ziwirizi zikhala moyandikana, zonse m'Chingerezi, ndipo pongoziona zikhala ngati mlembi wadzibwereza. Womasulira wofuna zaukhondo amachotsa chachiwiri. Wina amachisiya koma amachikonza kuti chifanane ndi choyamba, poganiza kuti apampando ankafuna kunena zomwezo. Onse awiri afufuta nkhani yonse. Kalata inati "ikhoza", apampando anati "ibwera". Kalata inasiya khomo lothawira, apampando anapereka lonjezo. Anthu anaponda dothi ndi kutentha uvuni podalira mawu a apampando, popeza ambiri a iwo chimene anamva ndi Chichewacho. Mkangano umene bungwe likufuna kumvetsa unabadwira pa mpata wa pakati pa ziganizo ziwirizi.

Chochita chake ndi ichi. Chiganizo cha kalata chikopereni osasintha kanthu, ndipo muike chizindikiro chosonyeza kuti chinali kale m'Chingerezi. Cha apampando chimasulireni kuchokera pa Chichewa chimene chalembedwacho, maso osayang'ana m'mwamba pa kalata. Ine ndimachita kuphimba chiganizo chachingerezicho ndi pepala, chifukwa diso likachiona dzanja limabwereka mawu ake lokha. "Ibwera" ituluke ndi mphamvu yake yonse ya lonjezo. Ngati mukuona kuti wowerenga sazindikira kusiyanako, ikani mawu am'munsi achidule onena kuti chiganizo choyamba chinawerengedwa m'Chingerezi ndipo chachiwiri ndi mmene apampando anachifotokozera m'Chichewa. Musaonjezere kuti apampando analakwitsa kapena ananamiza anthu. Kuweruzako ndi kwa eni nkhani.

Pali pomwe kuchotsa kuli koyenera. M'kabuku kophunzitsira, wolemba akaika liwu lachingerezi kenako tanthauzo lake lenileni m'Chichewa, cholinga chake chinali kuthandiza wosamva Chingerezi. Wowerenga wanu watsopano thandizolo sakulifuna, ndiye kulemba kamodzi n'kokwanira. Koma muyambe mwaika ziwirizo pa sikelo. Zikasiyana ngakhale pa kaliwu kamodzi, monga "ayenera" ndi "angathe", kapena pa nambala, zonse zikhale.

Ndisonyeza bwanji kuti mawu awa anali kale m'Chingerezi, poti tsopano zonse zili m'Chingerezi?

Njira yofala ndi kuwalemba ndi zilembo zopendekera, n'kuika mzere umodzi koyambirira kwa chikalata wonena kuti mawu onse opendekera anali m'Chingerezi m'chikalata choyambirira. Imakwanira bwino pamene kusinthaku kukuchitika kawirikawiri, monga pa zokambirana zojambulidwa. Ngati mawu otere ali pawiri kapena patatu pokha, mawu am'munsi pa malo aliwonse ndi abwino kuposa kupendeketsa. Sankhani njira imodzi ndipo muigwire mpaka kumapeto.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi. Zilembo zopendekera zimatayika mawu akakoperedwa kupita mu uthenga wa pafoni, mu fomu ya pa intaneti, kapena mu pulogalamu yosanthulira zokambirana. Ngati mukudziwa kuti ntchito yanu idzadutsa mmenemo, gwiritsani ntchito chizindikiro cholembedwa ndi zilembo, monga `EN:` kutsogolo kwa mawuwo ndi `:EN` kumapeto kwake. N'chosakongola koma sichifufutika.

Kodi n'zofunikadi kusonyeza? Tanthauzo si lomwelo?

Pa lisiti kapena pa kalata yoitanira anthu ku msonkhano, n'zosafunika. Pa umboni, pa kafukufuku ndi pa nkhani yolongosola anthu, n'zofunika, chifukwa kuno Chingerezi chimanena zambiri kuposa mawu ake. Ndi chilankhulo cha ofesi, cha khoti, cha mayeso. Kalaliki amene wakhala akucheza ndi agogo m'Chichewa, akafika pokana pempho lawo n'kutembenukira ku Chingerezi, watseka chitseko. Mwana woyankha bambo ake aang'ono m'Chingerezi pa bwalo la milandu ya banja, anthu amva mwano ngakhale mawuwo akhale ofatsa. Ndiponso alipo amene amathawira ku Chingerezi pa nkhani za kuchipinda kapena za matenda, chifukwa liwu lachichewa limamveka lolaula pamaso pa apongozi. Zonsezi zimasowa mukathira utoto umodzi pa chikalata chonse. Kachizindikiro kakang'ono kaja kamasungako mbali ina.

Mawu ogwidwawo ali ndi zolakwika. Ndikonze?

Yambani mwafufuza kuti analakwitsa ndani. Tibwerere ku maminitsi aja. Tinene kuti m'chiganizo chokoperedwa mlembi analemba njerwa 4,000, pomwe pa tsamba lotsatira midzi isanu ikugawana njerwa 8,000 uliwonse. Kuwerengera kukusonyeza kuti kalata iyenera kuti inati 40,000 ndipo ziro mmodzi anagwa pokopera. Komabe simungabwezeretse ziroyo mwakachetechete. Pemphani kalata yeniyeni. Ikapezeka, siyani zimene mlembi analemba ndipo m'munsi mutchule chimene kalata ikunena. Ikapanda kupezeka, siyanibe 4,000, muike `[sic]` pambali pake, ndipo mudziwitse amene wakupatsani ntchito kuti manambala awiriwo sakugwirizana.

Chingerezi chothyoka cha wolankhula ndi nkhani ina. Pa umboni wa kukhoti kapena wa kupolisi, sichikhudzidwa. Pa lipoti lopita kwa anthu ambiri, pali chisoni chake: mawu a mayi amene Chichewa chake mwachimasulira bwino amveka anzeru, koma chiganizo chimodzi chimene anayesa m'Chingerezi chimuonetsa ngati mbuli, pomwe ndi munthu yemweyo. Apa kambiranani ndi mwini lipoti. Nthawi zambiri njira yaulemu ndi kuchotsa mitengero n'kufotokoza zimene mayiyo ananena, m'malo mokonza galamala yake n'kumanamizira kuti ndi mmene analankhulira.

Nanga mawu ali m'Chichewa koma ndikuona kuti anachokera ku Chingerezi?

Awa ndi oopsa kuposa aja ooneka, chifukwa abisala. Nkhani ya m'nyuzi ya Chichewa ikagwira mawu a phungu amene analankhula m'Nyumba ya Malamulo, dziwani kuti mawuwo adutsa kale m'manja mwa mtolankhani, popeza zokambirana za m'nyumbamo zimachitika m'Chingerezi. Inu mukawamasuliranso kubwerera ku Chingerezi, mupanga chiganizo chatsopano chimene phunguyo sananenepo, n'kuchiika m'mitengero ndi dzina lake. Mawu ake enieni ali mu Hansadi, buku losunga zokambirana za m'nyumbamo. Kawatengeni kumeneko.

N'chimodzimodzi ndi malamulo. Kabuku ka bungwe la zaufulu kakati "gawo 26 la malamulo oyendetsera dziko likunena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito chilankhulo chimene wasankha", musapeke Chingerezi chake. Malamulo oyendetsera dziko la Malawi a 1994 analembedwa m'Chingerezi, ndipo loya aliyense wowerenga ntchito yanu akudziwa mmene gawolo limamvekera. Tsegulani malamulowo, pa pepala kapena pa tsamba la MalawiLII, mukopere gawolo. Ndipo mukaliwerenga mupeza kuti likunenanso za kutenga nawo mbali pa chikhalidwe chimene munthu wasankha, zimene kabuku kaja kanasiya. Ndiye mugwire chidutswa chokhacho chimene wolemba anagwira, osaonjezera chimene iye sanatchule.

Mukalephera kupeza gwero, chotsani mitengero. Lembani kuti phunguyo ananena kuti zakutizakuti, ngati mawu ofotokoza. Pamenepo simunanamizire munthu.

Vesi la m'Baibulo?

Silimasuliridwa ndi inu. Limatengedwa m'Baibulo losindikizidwa kale la chilankhulo chimene mukupitako. Funsani kuti mpingowo umagwiritsa ntchito liti. Polowera ku Chichewa, Buku Lopatulika ndi Buku Loyera amasiyana kamvekedwe, ndipo anthu amene anakulira pa limodzi amazindikira msanga mukawapatsa linalo. Mlaliki akamanga mfundo yake pa liwu lina la m'Baibulo lachingerezi limene m'lachichewa mulibe, ikani vesi la m'Baibulo la mpingowo, kenako muonjezere kachiganizo kofotokoza liwu limene mlaliki watsamirapo.

Tsopano mbali inayo: ndikupititsa chikalata ku Chichewa. Pali Chingerezi chimene ndiyenera kuchisiya?

Chilipo, koma n'chochepa kuposa mmene aulesi amafunira. Muyezo wake ndi uwu: kodi wowerenga adzafunika kuwaona mawuwa ndi maso ake penapake? Ngati malangizo akumuuza kuti asankhe `Send Money` pa foni, mawuwo akhale momwemo, chifukwa ndi amene adzaoneke pa galasi la foni yake. Mukawamasulira, adzafunafuna chinthu chimene palibe. Dzina la mankhwala lolembedwa pa botolo, mutu wa fomu, dzina la lamulo, zonsezi zikhale, ndipo tanthauzo lake libwere pambali m'Chichewa ulendo woyamba zikatchulidwa.

Mawu a munthu, monga a nduna pa msonkhano, amasuliridwe, chifukwa wowerenga wanu wabwera kudzamva Chichewa. Koma lipoti lachingerezi likagwira mawu a mlimi wa ku Dedza kapena msodzi wa ku Nkhotakota, kumbukirani kuti mwina munthuyo sanalankhule Chingerezi. Funsani ngati pali zojambulidwa kapena zolemba za amene anacheza naye. Chichewa chimene mungapange kuchokera ku Chingerezi cha lipoti chimatuluka chouma, chamuofesi, ndipo anthu a m'mudzimo akachimva pa wailesi adzaseka kuti ameneyu salankhula choncho.

Manambala amene anthu amawatchula m'Chingerezi ndiwatenge ngati mawu ogwidwa?

Ayi. "Faifi sauzande" ndi mmene timawerengera ndalama, basi. Lembani K5,000 n'kupitirira.

Bwanji ngati chikalata chikupita ku chilankhulo chachitatu?

Pamenepo Chingerezi chija sichikhalanso chongokopera. Chikalata cha Chichewa chikamapita ku Chipwitikizi kuti chikawerengedwe ku Tete, mawu achingerezi ayenera kumasuliridwa nawonso, kuchokera ku Chingerezi chenichenicho, osati ku kufotokoza kwa apampando. Ngati mawuwo ndi a mgwirizano kapena lamulo, Chingerezi chake chisungidwe m'munsi. Mukapeza Chitumbuka, Chiyao kapena Chilomwe m'kati ndipo simuchidziwa bwino, musalote tanthauzo podalira kufanana kwa mawu. Lembani mzere pansi pake, mupeze mwini chilankhulo.

Pa kompyuta ndichite chiyani kuti Chingerezicho chisasokonezeke?

Mu Word, sankhani ndime zachichewa, pitani pa `Review`, kenako `Language`, kenako `Set Proofing Language`, muchonge `Do not check spelling or grammar`. Mizere yofiira ija ichoka pa Chichewa n'kutsala pa Chingerezi pokha, pomwe ingakuthandizeni kuona pamene mwaphonya pokopera. Koma musavomere zokonza zake pa mawu ogwidwa musanayang'ane gwero, poti cholakwikacho chikhoza kukhala cha mwini mawu.

Pa tsamba la pa intaneti, chilankhulo chilichonse chimapatsidwa chizindikiro chake. Cha Chichewa ndi `ny`, cha Chingerezi ndi `en`. Chiganizo cha m'maminitsi aja chingaoneke chonchi:

```html
<p lang="ny">Kalatayo inati:
  <q lang="en" translate="no">Cement may be supplied
  once 40,000 bricks are moulded.</q>
</p>
```

`lang="en"` imauza pulogalamu yowerengera anthu osaona kuti isinthe katchulidwe ikafika pamenepo. `translate="no"` imauza zida zomasulirira kuti chidutswacho chisiyidwe. Ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo kuika chimodzi sikulowa m'malo mwa chinzake.

Ngati mumagwiritsa ntchito pulogalamu yodula chikalata m'zidutswa, monga OmegaT kapena Trados, onetsetsani zinthu ziwiri. Choyamba, pulogalamuyo imadula pa mpumiro, ndiye mawu ogwidwa a ziganizo zitatu amagawika patatu, mtengero wotsegula uli m'chidutswa china, wotseka m'china. N'kosavuta kumasulira chapakaticho osazindikira kuti chili m'kamwa mwa munthu wina. Werengani chikalata chonse kaye musanachilowetse. Chachiwiri, musatayipenso Chingerezicho ndi manja. Mu Trados, `Ctrl+Ins` imakopera gwero kupita mbali yomasulira, ndipo `Ctrl+L` imakhoma chidutswacho kuti chisasinthidwe. Kutayipa ndi kumene kumagwetsa maziro.

Polipiritsa, mawu achingereziwo ndiwawerengere?

Gwirizanani ntchito isanayambe, chifukwa pambuyo pake mwini ntchito adzati "amenewo munangokopera". Zoona zake n'zakuti kukopera kwenikweniko sikutenga nthawi, koma kufufuza gwero kumatenga. Pa maminitsi aja, chiganizo cha mawu osakwana 15 chikhoza kukudyerani theka la tsiku mukudikira kuti wina ajambule kalata ndi foni akutumizireni. Ine ndimaona kuti chilungamo ndi kuchotsa pa chiwerengero ndime zazitali zachingerezi zimene zikungokoperedwa, monga kalata yathunthu yomatidwa kumapeto, koma kuwerengera mawu onse osakanikirana m'kati mwa ziganizo zachichewa, popeza chiganizo chotere mumachimanganso chonse. Kufufuza magwero kukhale ndi mtengo wake wa pa ola.

Ndafunsa mwini chikalata za mawu ena, sakuyankha, ndipo tsiku lopereka lafika. Nditani?

Perekani ntchitoyo pamodzi ndi katsamba ka mafunso. Pa funso lililonse lembani nambala ya tsamba, mawu amene akukayikitsa, chimene mwachita, ndi chimene chingasinthe yankho likabwera. Pa maminitsi aja mzere wake ungakhale wakuti: tsamba 3, njerwa 4,000 m'mawu ogwidwa, ndasiya momwemo, tsamba 4 likusonyeza 40,000, chonde onani kalata ya bungwe. M'chikalata chenichenicho siyani chizindikiro chooneka pa malo amenewo, monga utoto wachikasu, kuti amene adzasindikize asapitirire osaona.